Lebulo ya Chitchaina ikakana kuwerengeka pa chithunzi: mmene mungapemphere wogulitsa kuti ajambulenso

Vutoli limabwera mofanana nthawi zonse. Mwapeza katundu kwa wogulitsa wa ku Guangzhou, mwagwirizana mtengo, ndipo musanatumize ndalama mwamupempha kuti akuonetseni lebulo. Chithunzi chafika pa WhatsApp kapena pa WeChat. Paketi ikuoneka bwino, mtundu wake ukuwala, dzina lalikulu la kutsogolo likuwerengeka. Koma mukati mukulitse ndi zala kuti muone timalemba ta kumbuyo, zilembo zonse zasanduka phala. Mukachipatsa pulogalamu yomasulira, imatulutsabe mawu, ndipo apa ndi pamene pali ngozi, chifukwa mawuwo amaoneka ngati olongosoka ngakhale pamene pulogalamuyo yangolota.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: paketi ya kilogalamu imodzi ya feteleza wosungunula m'madzi, uja wopopera pa masamba a tomato ndi ndiwo zina za kudimba. Tamusankha chifukwa pa katundu ameneyu nambala imodzi yowerengedwa molakwika imakathera pa masamba opserera. Njira yake ndi yomweyo pa mafuta odzola, utoto, zomatira kapena zakudya za m'mapaketi.

Chomwe chimalakwika kwenikweni

Pulogalamu yomasulira chithunzi imagwira ntchito ziwiri motsatizana. Choyamba imazindikira zilembo, kenako imamasulira zomwe yazindikirazo. Ikalephera pa ntchito yoyamba siikuuzani. Imangotola chilembo chofanana ndi chomwe chafufutikacho n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Mu Chitchaina zilembo zambiri zimasiyana ndi kamzere kamodzi kokha: 千 ndi 干, 日 ndi 目, 未 ndi 末. Chilembo 千 chikaima pamodzi ndi 克 chimapanga kilogalamu, pamene 克 payekha ndi galamu. Kamzere kamodzi kakatayika, kapena chilembo choyambacho chikabisika m'kunyezimira kwa pepala, muyeso wasintha ka 1,000.

Tiwerengere limodzi kuti muone chifukwa chake chithunzi chooneka chokongola chimakana kuwerengeka. Chithunzi chilichonse ndi timadontho tambirimbiri. Kamera ya foni wamba imajambula timadontho pafupifupi 4,000 mbali yaitali, koma WhatsApp ikamatumiza mwa nthawi zonse imachepetsa kufika pa 1,600 kapena chapafupi pamenepo. Tinene kuti paketi ndi yaitali masentimita 30, ndipo wogulitsa waijambula ili pa shelefu, yatenga theka lokha la chithunzi. Ndiye kuti paketi yonse yapatsidwa timadontho 800. Gawani 800 ndi mamilimita 300, mupeza kuti milimita iliyonse ili ndi timadontho tosakwana 3. Zilembo za malangizo nthawi zambiri zimakhala zazitali mamilimita awiri basi, choncho chilembo chimodzi chatsala ndi timadontho 5. Chilembo ngati 量, chomwe chimapezeka pa mawu onena za muyeso, chili ndi mizere 12. Mizere 12 singakwane m'timadontho 5, ngakhale pulogalamu itakhala yabwino chotani.

Tsopano wogulitsa yemweyo asendeze foni pafupi, mpaka kachigawo ka masentimita 10 kadzaze chithunzi chonse. Milimita iliyonse yapeza timadontho 16, chilembo chija chapeza 32, ndipo chikuwerengeka bwinobwino ngakhale WhatsApp itachepetsa. Koma akangotumiza chithunzi cha pa shelefu chija osachichepetsa, chilembo chipeza timadontho 13 tokha, tomwe ndi tochepabe pa zilembo zothithikana. Anthu ambiri amalimbikira kunena kuti "tumizani chosachepetsa" n'kuiwala kuti chachikulu ndi kuyandikira. Zonse ziwiri n'zofunika, koma ngati wogulitsa angamve chimodzi chokha, chikhale choyandikira.

Yang'anani kaye chithunzi musanalembe uthenga

Kulemba kuti "sichikuoneka, tumizani china" kumabweretsa chithunzi chachiwiri chodwala matenda omwewo. Wogulitsa akayang'ana pa foni yake amaona chithunzi chabwino, chifukwa iye ali ndi choyambirira ndipo amadziwa kale zomwe zalembedwa. Sakudziwa chomwe chikukuvutani. Ntchito yanu ndi kupeza dzina la vutolo, ndipo zimangofuna kukulitsa chithunzi n'kuyang'ana mphindi imodzi.

Ngati m'mbali mwa zilembo mukuoneka timabokosi tating'ono ngati njerwa, chithunzicho chachepetsedwa kapena chajambulidwa patali. Ngati zilembo zikuoneka za mbuu paliponse, zopanda m'mphepete mwakuthwa, kamera sinagwire bwino, ndipo kawirikawiri n'chifukwa choti foni inayandikira mopitirira. Mafoni ambiri amalephera kugwira chinthu chomwe chili pafupi kuposa masentimita 10. Ngati chilembo chilichonse chili ndi mthunzi wokokeka mbali imodzi, dzanja linagwedezeka, ndipo zimenezi zimachitika kwambiri m'nyumba zosungira katundu momwe kuwala kumachepa. Ngati pakati pali chigamba choyera ngati mwezi, ndi fulashi kapena getsi la kudenga lomwe lagunda pepala lonyezimira.

Kunyezimiraku n'kovuta kuposa zonse pa mapaketi a feteleza, chifukwa ambiri amapangidwa ndi pepala la siliva. Pamalo pomwe pawala, zilembo zatheratu. Palibe kukulitsa kapena kudetsa chithunzi komwe kungazibwezeretse. Mankhwala ake ndi kuzimitsa fulashi, kugoneka paketi patebulo pafupi ndi zenera kapena pakhomo, ndi kupendeketsa foni pang'ono chabe mpaka chigamba choyeracho chitsetserekere kunja kwa malemba. Paketi ikakhala ndi makwinya, aiwongole ndi dzanja kaye, koma chala chikhale m'mphepete, osati pa manambala.

Pali vuto lina lomwe silioneka ngati vuto: chithunzi chakuthwa bwino koma chodukiza. Malangizo a feteleza amalembedwa m'mabokosi, dzina la mbewu kumanzere, njira yothirira pakati, muyeso kumanja. Bokosi la kumanzere likadulidwa, mumatsala ndi manambala opanda eni. Paketi imodzi imatha kukhala ndi muyeso wothira m'madzi othirira pansi ndi muyeso wina wopopera pa masamba, ndipo miyeso iwiriyi imatalikirana kwambiri. N'chifukwa chake chithunzi chapafupi pachokha sichikwanira. Pamafunika china cha lebulo yonse, m'mbali zonse zinayi zikuoneka, kuti mudziwe kuti kachigawo kapafupiko kachokera pati.

Zithunzi zitatu, osati chimodzi

Choyamba ndi cha kumbuyo konse kwa paketi. Chachiwiri ndi chapafupi cha gawo la kagwiritsidwe ntchito, lomwe pa lebulo limalembedwa 使用方法. Chachitatu ndi cha tsiku lomwe katundu anapangidwa, 生产日期, ndipo chimenechi ndi chomwe anthu ambiri amaiwala.

Pa katundu wopangidwira msika wa ku Tchaina, nthawi zambiri tsiku silikhala pa lebulo yosindikizidwa. Pafupi ndi mawu oti 生产日期 mumapeza timawu tokutumizani kwina, monga 见封口, kutanthauza kuti onani pomatira paketi, kapena 见瓶底, onani pansi pa botolo. Tsikulo limadindidwa ndi makina pa nthawi yopakira, m'timadontho ta inki yakuda, pamwamba pomwe paketi yapanidwa. Timanambala timeneti ndi tosalimba, ndipo pa pepala lonyezimira 3, 6 ndi 8 amafanana. Mukapanda kupempha chithunzi chake padera, mudzamasulira lebulo yonse bwinobwino n'kupeza kuti pamalo pa tsiku pangolembedwa kuti onani kwina.

Uthenga wake

Uthenga wabwino umanena zinthu zinayi: zithunzi zingati, za mbali iti, ajambule motani, atumize motani. Ukapitirira mizere isanu ndi umodzi, wogulitsa amawerenga mzere woyamba n'kuchita zomwe waganiza. Ngati wogulitsa ndi wa konkuno, wolankhula Chichewa, mukhoza kulemba motere:

```
Zikomo achimwene, chithunzi chafika koma timalemba ta kumbuyo sitikuwerengeka.
Mundijambulireko zitatu:
1. Kumbuyo konse kwa paketi, m'mbali zonse zioneke
2. Pafupi, pamene alemba muyeso
3. Pamwamba pomatira, pamene adinda deti
Muzimitse fulashi, paketi igone patebulo pafupi ndi zenera. Mutumize ngati Document.
```

Document ndi njira ya pa WhatsApp yotumizira chithunzi ngati fayilo, osachichepetsa. Kwa mayi mudzati amayi kapena achemwali, kwa wamkulu bambo kapena abwana, monga mumayankhulirana kale. Kwa wogulitsa wa ku Tchaina, uthenga womwewo m'chilankhulo chake ndi uwu, ndipo mukhoza kuukopera momwe ulili:

```
您好，麻烦帮我拍三张实拍图：
1. 包装背面整张标签
2. “使用方法”部分的近照
3. 生产日期喷码
请关闪光灯，正对标签拍，发原图。谢谢！
```

Mzere woyamba ukupereka moni mwaulemu n'kupempha zithunzi zitatu za katundu weniweni. Mizere ya manambala ikutchula lebulo yonse ya kumbuyo, chithunzi chapafupi cha kagwiritsidwe ntchito, ndi tsiku lodindidwa. Womaliza ukuti azimitse fulashi, alunjike foni pa lebulo, atumize choyambirira, zikomo.

Mawu awiri mu uthengawu ndi amene amagwira ntchito yaikulu. Oyamba ndi 实拍, kutanthauza chithunzi chojambula katundu ali pamaso. Amalonda a ku Tchaina amawadziwa bwino mawuwa, chifukwa amasiyanitsa chithunzi chenicheni ndi chija chokongoletsedwa cha otsatsa malonda. Mukapanda kuwalemba, mudzalandira chithunzi cha kufakitale chomwe chadutsa m'mafoni khumi, chilichonse chikuchichepetsa. Achiwiri ndi 原图, choyambirira. Pa WeChat, munthu akamasankha chithunzi choti atumize, pansi pamakhala kabwalo kolembedwa mawu amenewa, ndipo akakadina chithunzi chimapita chosachepetsedwa. Simukufunika kumufotokozera zambiri, akaona mawuwo adziwa podina.

Ngati mumalemberana mu Chingelezi, kumbukirani kuti ambiri amawerenga kudzera m'pulogalamu yomasulira. Lembani ziganizo zazifupi, chilichonse chinthu chimodzi, osadula mawu monga timachitira pocheza ndi anzathu, ndipo musatumize uthenga wa mawu. Manambala 1, 2, 3 musawasiye, chifukwa amathandiza pobwerera. Zikafika ziwiri, mumangolemba kuti chachitatu sichinafike, nkhani yatha.

Chinthu china chothandiza kwambiri, chomwe sichifuna chilankhulo chilichonse: tengani chithunzi chosaoneka chija, zungulizani ndi cholembera chofiira cha pa WhatsApp malo omwe mukufuna, n'kuchibweza pamodzi ndi uthenga. Bwalo lofiira limamveka msanga kuposa ndime yonse.

Onjezaninso chifukwa, m'mawu ochepa. Wogulitsa akamva kuti mukufuna kumasulira lebulo kuti mumalize oda, amadziwa kuti chithunzicho chili pa njira ya ndalama yake. Akangomva dandaulo lokha, amaliika kumapeto. Ndipo tumizani m'mawa. Tchaina ili patsogolo pa Malawi ndi maola 6, ndiye 8 koloko m'mawa ku Lilongwe ndi 2 koloko masana ku Guangzhou. Mukalemba masana athu, kwawo kwada, ndipo chithunzi chomwe chingabwere ndi cha pansi pa getsi kapena chakale cha mufoni.

Zithunzi zafika: ziyeseni musanamasulire

Pa WeChat, ngakhale wogulitsa atatumiza choyambirira, chomwe mumaona poyamba ndi chochepetsedwa. Tsegulani chithunzi, pansi pake pali batani lolembedwa 查看原图 kapena mawu ofanana nawo mu Chingelezi, nthawi zambiri ndi kukula kwake pambali. Dinani, dikirani chitsike chonse, kenako sungani mufoni. Ambiri amakalipira wogulitsa pamene vuto lili pa batani limeneli. Chithunzi chimodzi chotere chimadya mamegabaiti atatu mpaka asanu, choncho zitatu sizingamalize bandulo. Musajambule sikirini kuti mupatse womasulira, ndipo potumizira mnzanu wodziwa Chitchaina gwiritsani ntchito Document, apo ayi mubwezeretsa vuto lomwe mwangochotsa kumene.

Kuyesa kwake n'kosavuta ngakhale simudziwa chilembo chimodzi cha Chitchaina. Kulitsani pa chilembo chothithikana kwambiri chomwe mungachione m'timalemba tating'ono. Ngati mungathe kuwerenga mizere yake umodzi umodzi, ndi mpata woyera pakati pake, pulogalamu nayo itha. Ngati mizere yalumikizana ngati chidindo cha chala, musataye nthawi. Kenako werengani manambala onse ndi maso anu, muwalembe papepala musanatsegule pulogalamu, chifukwa manambala ndi omwewa timagwiritsa ntchito ife. Pulogalamu ikatulutsa nambala yosiyana ndi yomwe mwalemba, bwererani ku chithunzi.

Chitsanzo chathu mpaka mu sipuleya

Tinene kuti pa chithunzi choyamba, cha pa shelefu chija, pulogalamu yawerenga kuti popopera pa masamba musungunule ka 300 mpaka ka 1,000. Pa chithunzi chachiwiri, chapafupi, mzere womwewo ukuoneka bwino:

```
叶面喷施：800—1000倍液
```

Mbali ya kumanzere ya 8 inamezedwa ndi kuwala n'kukhala 3. Mawu oti 倍液 amatanthauza kuchulukitsa madzi: gawo limodzi la feteleza m'magawo 800 mpaka 1,000 a madzi. Sipuleya yoberekera ya malita 16 imanyamula mamililita 16,000. Gawani ndi 800, mupeza magalamu 20. Gawani ndi 1,000, mupeza magalamu 16. Ndiye muyeso woona ndi magalamu 16 mpaka 20 pa sipuleya imodzi. Mukadatsata 300, mukadathira magalamu 53, kuposa kawiri ndi theka, ndipo pa tomato wanthete, dzuwa likuswa mtengo, m'mphepete mwa masamba mumauma ngati mwawauka.

Onani kuti pa muyeso wa mtundu uwu nambala yaing'ono ndiyo yamphamvu. Munthu wofuna kusamala amatha kusankha 300 poganiza kuti akuyamba ndi pang'ono, pamene akuthira kwambiri. Panalinso chizindikiro pa kumasulira koyamba kuja: kawirikawiri opanga salemba muyeso wotalikirana chotero, woti mbali ina ipose inzake katatu. Mukaona manambala awiri otalikirana modabwitsa, kayikirani chithunzi musanakayikire fakitale.

Mzere wotsatira pa lebulo yomweyo ukhoza kunena za kuthira m'madzi othirira, makilogalamu angapo pa 亩. Apa chithunzi chabwino chimakupulumutsani ku vuto la mtundu wina. Mapulogalamu omasulira amakonda kutembenuza 亩 kukhala ekala, koma si ekala. Ndi muyeso wa malo wa ku Tchaina, wokwana masikweyamita pafupifupi 667. Mu hekitala imodzi mumalowa 亩 15, mu ekala imodzi mumalowa 6 ndi kakang'ono. Mukakhulupirira mawu oti ekala, muthira gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a feteleza wofunika, kenako mudzati katunduyo ndi wabodza. Chimodzimodzi 斤, yemwe ndi theka la kilogalamu, pamene 公斤 ndi kilogalamu yathunthu. Zinthu zimenezi mungazigwire pokhapokha chilembo chenichenicho chikuoneka pa chithunzi, kuti muchifananize ndi maso.

Chithunzi chachitatu chikuonetsa manambala odindidwa, tinene 20240308. Ku Tchaina amayamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, ndiye apa ndi pa 8 Malichi 2024, osati pa 3 Ogasiti. Ndipo limeneli ndi tsiku lopangidwa, osati lothera ntchito. Amalonda ena amataya katundu wabwino poganiza kuti anatha kale, ena amagulitsa wotha poganiza kuti akadali ndi nthawi. Kuti mupeze tsiku lothera, funani mawu oti 保质期 pa lebulo yaikulu. Pambali pake pakalembedwa 36个月, ndiyo miyezi 36, katunduyo athera mu Malichi 2027. Chotsanipo miyezi ya pa sitima ndi pa msewu kuchokera ku doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndi nthawi yomwe adzakhale pa shelefu yanu, muone ngati zikukupindulirani.

Chachiwiri chikabweranso choipa

Zimachitika, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake ndi chimodzi mwa zitatu. Choyamba, wogulitsa alibe katunduyo pafupi. Ambiri ndi apakati chabe, katundu ali kufakitale kapena kosungira kutali. Mudzazindikira poona kuti chithunzi chachiwiri ndi choyamba chomwecho, angochidula n'kuchikulitsa: makwinya ali pomwe paja, mthunzi uli pomwe paja. Musakangane naye. Mufunseni ngati katundu ali naye m'manja, ndipo ngati alibe, apemphe a kosungirako kuti ajambule, n'kukutumizirani choyambirira.

Ena pamenepa amakutumizirani fayilo ya PDF yomwe anasindikizira lebulo. Ilandireni, chifukwa pomasulira palibe choiposa: zilembo zake n'zakuthwa pa kukula kulikonse, ndipo nthawi zina mumatha kuzikopera mwachindunji osadutsa pa kamera. Koma fayilo imeneyi ilibe tsiku lodindidwa, ndipo siikutsimikizirani kuti mapaketi omwe adzalowe mu katoni yanu ndi omwewo. Mafakitale amasintha malebulo. Pemphanibe chithunzi chimodzi cha paketi yeniyeni, mufananize manambala a michere ndi kulemera kwake.

Chachiwiri, foni ya wojambulayo ikulephera kugwira pafupi. Muuzeni abwerere m'mbuyo mpaka masentimita 20 kapena 25, adine pa sikirini pomwe pali malemba kuti kamera igwire pamenepo, adikire kamphindi, kenako ajambule. Apukutenso galasi la kamera ndi malaya. Foni yokhala m'thumba tsiku lonse imakhala ndi mafuta a zala pagalasi, ndipo mafutawo amachititsa kuti kuwala kulikonse kuoneke ngati nkhungu.

Chachitatu chimakhudza mabotolo. Lebulo yozungulira botolo siingakwane pa chithunzi chimodzi, chifukwa zilembo za m'mbali zimapanikizana n'kupendekeka. Pemphani zithunzi zitatu, azitembenuza botolo pang'onopang'ono, chilichonse chibwereze mawu angapo a chinzake kuti muthe kulumikiza mizere. Wogulitsa wina amaona kuti kanema ndiye wachidule. Kanema amathandiza kuona komwe zinthu zili pa botolo, koma amachepetsedwa kwambiri kuposa chithunzi, ndipo mukamuimitsa kuti muwerenge mupeza mbuu womwe uja.

Ngati zonsezi zakanika koma mzere womwe mukufuna ndi umodzi, mupempheni aulembe ndi zala zake pa foni, monga momwe walembedwera pa paketi, osamasulira. Malemba otayipa amachotsa vuto lonse la kuzindikira zilembo. Ingosamalani kuti ena amalemba zomwe akukumbukira kapena zomwe akuganiza kuti mukufuna kumva, choncho ikani zomwe walembazo pambali pa chithunzi chosaoneka chija, muwerenge ngati kuchuluka kwa zilembo ndi maonekedwe a manambala zikugwirizana.

Pamene chithunzi chabwino sichikwanira

Pa feteleza, utoto kapena zomatira, chithunzi chakuthwa, pulogalamu ndi maso anu zimafikitsa patali. Masulirani kaye kupita ku Chingelezi, muone ngati zikumveka, kenako mulembe nokha m'Chichewa zomwe makasitomala anu adzawerenge. Koma pa mankhwala omwa, obaya ziweto kapena ophera tizilombo, musadalire pulogalamu yokha ngakhale chithunzi chitakhala chowala ngati galasi. Pezani munthu wodziwa Chitchaina awerenge, ndipo muyeso muutsimikize kwa dokotala, alangizi a ziweto kapena alangizi a zaulimi. Katundu wa mtundu umenewu ali ndi malamulo ake olowera m'dziko. Ku Malawi mankhwala ophera tizilombo amayenera kukhala olembetsedwa ku bungwe la boma loona za mankhwalawa, ndipo kumasulira lebulo sikulowa m'malo mwa chilolezo chimenecho.

Wogulitsa amene watumiza zithunzi zina zonse mwachangu koma akuzemba cha tsiku lodindidwa, mwamupempha kawiri momveka bwino, ndi bwalo lofiira lomwe, mwina ali ndi katundu wokhalitsa. Mufunseni mwachindunji kuti katundu amene adzakutumizireni ndi wa mwezi uti, ayankhe polemba. Zithunzi zitatu zija zisungeni mu foda yake pamodzi ndi yankho limenelo ndi tsiku lomwe munalandira. Katoni ikafika, tulutsani paketi imodzi pamwamba ndi ina pansi, muziike pambali pa foni, mufananize manambala a michere, muyeso wa 倍液 ndi deti ya pomatira musanatsegule paketi iliyonse.